Macheza a zaka zitatu asowa mufoni: musathamangire kudina, onani kaye akaunti

Alamu anga anafika kwathu Loweruka lina m'mamawa, foni yatsopano ili m'manja, nkhope itagwa. Amuna awo, achimwene anga, ali ku Joni, ndipo nyumba imene akumanga kumudzi yakhala ikuyenda pa WhatsApp kuchokera pa maziko. Achimwene akatumiza ndalama amatumizanso chithunzi cha lisiti. Alamu akagula simenti kapena akalipira mmisiri amajambula n'kubweza. Zaka zitatu za mauthenga, zithunzi ndi mawu ojambula zinali m'macheza amodzi a anthu awiriwa. Tsopano foni yakale inali itagwa m'madzi, mmisiri akunena kuti ndalama yokhomera malata sanalandire, ndipo mu WhatsApp ya foni yatsopano munali mbee.

"Alamu, nambala ndi yomweyi, simu khadi ndi yomweyi," anatero. "Nanga zapita kuti?"

Ndinawafunsa amene anawatsegulira foni yatsopanoyo. Anati mnyamata wa pa shopu pomwe anagula. Ndinawafunsanso ngati anawafunsa imelo yawo yakale. Anati anawafunsa, iwo n'kuyankha kuti saikumbukira, mnyamatayo n'kuwapangira ina pompo. Vuto lonse linali pamenepo, ndipo mnyamatayo sanalakwe kwenikweni, chifukwa foni ya Android imafuna akaunti ya Google kuti munthu atsitse mapulogalamu, ndipo kupanga yatsopano n'kwachangu kuposa kusaka yakale kasitomala wina akudikira.

Ambirife timaganiza kuti macheza athu amakhala kwa eni WhatsApp, ndipo kuti tikangolowetsa nambala atibwezera. Sizili choncho. Uthenga ukangofika kwa woulandira, kampaniyo imauchotsa pa makompyuta ake. Umene sunafike ndi umene umadikira, ndipo nawonso sudikira kupitirira masiku 30. Macheza enieniwo amakhala mufoni mwanu. Kunja kwa foniyo kumakhala kope limodzi, limene anthu amalitchula kuti bakapu, ndipo pa Android kopelo limapita ku Google Drive ya akaunti ya Google imene inasankhidwa mufonimo. Pa iPhone limapita ku iCloud. Bakapuyo ili ngati chitseko cha maloko awiri: kiyi woyamba ndi nambala ya foni, wachiwiri ndi akaunti ya Google. Mukabwera ndi kiyi mmodzi, WhatsApp siikuuzani kuti winayo ndi wolakwika. Imangoyang'ana mu akaunti yatsopanoyo, osapezamo kanthu, n'kukutsegulirani tsamba lopanda macheza ngati kuti mwayamba lero.

Foni yokhayo imatha kukuuzani kiyi amene walakwika. Mufoni ya alamu, magulu onse analipo, la kutchalitchi, la banki m'khonde, la makolo a kusukulu, koma mkati mwake munalibe mauthenga akale. Ichi ndi chizindikiro choti nambala ndi yolondola, pakuti umembala wa magulu umatsata nambala. Chachiwiri, anthu amene ankawalembera ankaoneka ngati manambala okha, opanda mayina. Mayinawo anali atasungidwa mu akaunti yakale ya Google, ndipo anatsala komweko pamodzi ndi bakapu. Zikanakhala kuti magulu omwe palibe, ndipo anzawo akudandaula kuti akulemba koma sizikufika, ndikanakayikira nambala: mafoni athu ambiri ndi a masimu awiri, ndipo si chachilendo munthu kulembetsa WhatsApp pa 088 pamene yakale inali pa 099.

Tisanapite patali, pali zinthu ziwiri zopepuka zoyenera kuziona. Kuyambira mu 2023 WhatsApp imalola maakaunti awiri mu pulogalamu imodzi, choncho ngati mwana kapena mwamuna anawonjezera nambala yake, macheza anu angakhale ali mbali inayo. Dinani timadontho titatu ta pamwamba muone ngati pali Switch accounts. Ndipo ngati asowa ndi macheza amodzi okha pamene ena onse alipo, yang'anani mu Archived kapena mu Locked chats. Zimenezi si nkhani ya akaunti ayi, koma anthu afufutapo pulogalamu yonse chifukwa cha macheza amene chala chinangowakankhira pambali.

Tsopano tifike pamene ambiri amagwa. Kulowa ndi akaunti ina ya Google sikuwononga bakapu yakale. Imakhala phee mu Drive yakale, ndipo bakapu zatsopano zimapita ku akaunti yatsopano. Ngozi imabwera tsiku limene mwakumbukira imelo yakale. Munthu amasangalala, amailowetsa mufoni, amapita ku Settings, kenako Chats, kenako Chat backup, amasintha akaunti kuti ikhale yakale ija, n'kudina batani lobiriwira lolembedwa Back up, akuganiza kuti akuitana macheza ake. Batani limenelo silibweza kanthu. Limatenga zimene zili mufoni panopa n'kuzitumiza ku Drive, ndipo Drive imasunga bakapu imodzi yokha pa nambala iliyonse mu akaunti iliyonse. Yatsopano imalowa m'malo mwa yakale. Mauthenga makumi awiri a sabata ino amakhala pamene panali zaka zitatu, ndipo palibe ofesi imene mungapite kukadandaula. Ngakhale musadine batanilo, ngati mwasintha akaunti pamenepo ndipo bakapu inaikidwa kuti izichitika yokha, foni ikhoza kuchita zomwezo usiku inu muli mtulo.

N'chifukwa chake chinthu choyamba chimene ndinachita pa foni ya alamu chinali kuzimitsa bakapu yodzichitikira yokha pa tsamba lomwelo la Chat backup. Akaunti ya pamenepo sindinaikhudze.

Kenako tinayamba kusaka imelo yakale, ndipo apa ndi pamene panatha nthawi. Alamu ankangokumbukira kuti inali ndi dzina lawo ndi manambala ena kumapeto. Foni yakale ikanakhala kuti ikuyaka, tikanangotsegula Play Store n'kudina chithunzi cha pakona, imelo n'kuonekera. Koma inali yakufa. Google ili ndi njira ya anthu otere: pa tsamba lolowera pali mawu akuti Forgot email? ndipo ukadina amafunsa nambala ya foni kapena imelo ina imene inalumikizidwa ku akauntiyo, pamodzi ndi dzina loyamba ndi lachiwiri monga momwe linalembedwera tsiku lotsegula. Tinayesa dzina la bambo awo, zinakana. Tinayesa dzina la kubanja kwa amuna awo, uthenga wa manambala unalowa pa simu yawo, ndipo imelo inaonekera. Mwayi wawo unali woti amene anawatsegulira akauntiyo kalekale anaikapo nambala yawo, osati yake. Pasiwedi nayo anali ataiwala, koma popeza nambala inali m'manja mwawo, Google inatumiza manambala ena otsimikizira ndipo tinaika yatsopano. Amene akufuna kupita molunjika ku tsamba limeneli alembe g.co/recover.

Ngati nambala imene ili pa akauntiyo ndi ya simu imene inatayika, yambani mwapita ku kampani ya foni ndi chiphaso cha unzika akakubwezereni nambala yomweyo pa simu ina. Musazengereze, chifukwa nambala yokhala nthawi yaitali osagwira ntchito imaperekedwa kwa munthu wina, ndipo pamenepo mwataya makiyi onse awiri nthawi imodzi.

Titalowa mu akaunti yakale sitinakhudze WhatsApp. Tinafuna kuona kaye ndi maso ngati bakapu ilipodi, pakuti kufufuta pulogalamu usanaone chimene ukukatenga n'kutaya madzi a mumtsuko poona mitambo. Mu pulogalamu ya Drive, ukasankha akaunti yakaleyo n'kudina timizere titatu ta kumanzere, pali Backups. Pa kompyuta umapita ku drive.google.com, kenako Storage, kenako Backups. Bakapu ya WhatsApp imaoneka ndi nambala yanu yoyamba ndi 265, ndiponso tsiku limene inachitika komaliza. Simungaitsegule kuti muwerenge mauthenga, ndipo simungaitsitse ngati fayilo wamba. Mukhoza kungoiona kapena kuifufuta, choncho chala chisaterereke.

Ya alamu inalipo. Koma tsiku lake linali la masabata asanu foni isanagwe m'madzi, ngakhale kuti inaikidwa kuti izichitika sabata iliyonse. Chifukwa chake n'chimene chimavuta ambiri kuno kwathu. Bakapu imadikira Wi-Fi pokhapokha utayatsa Back up using cellular, ndipo alamu ankapeza Wi-Fi akapita kwa mnzawo wina wa ku ofesi basi. Komanso bandulo ya WhatsApp yokha kawirikawiri siikwanira pa ntchito imeneyi, chifukwa bakapu ikupita kwa Google, osati kwa WhatsApp. Tsiku limenelo ndi malire a zimene mungapeze: zonse za m'mbuyo mwake zibwera, za patsogolo pake sizili mmenemo.

Palinso china choyenera kuvomereza musanapitirire. WhatsApp siphatikiza macheza akale ndi atsopano. Mukabweza bakapu yakale, mauthenga amene mwalandira pa foni yatsopano chiigulireni achoka. Alamu anali atakhala nayo masiku asanu ndi limodzi, ndipo munali mauthenga ochepa ofunika a ku banki m'khonde. Tinatsegula macheza amenewo, kudina timadontho titatu, More, kenako Export chat, n'kuwatumiza ku imelo. Zimatuluka ngati fayilo yongowerenga, yosabwezereka mu WhatsApp, koma mawu, masiku ndi nthawi zimakhalamo.

Kubweza kwenikweniko n'kwachidule, bola ndondomeko isasokonekere. WhatsApp imafunsa zobweza macheza kamodzi kokha, pa nthawi yoilowetsa kumene mufoni, nambala ikangotsimikizidwa. Palibe batani la Restore mkati mwa Settings. Ndiye tinaonetsetsa kuti akaunti yakale ya Google yalowa mu foni yeniyeniyo, pa Settings ya foni pamene pali maakaunti. Yatsopano ija tinaichotsamo kaye kuti pasakhale chisokonezo, titatsimikiza kuti pasiwedi yake tikuidziwa, chifukwa kuchotsa akaunti imene sudziwa pasiwedi yake n'kudzitsekera kunja kachiwiri. Kenako tinafufuta WhatsApp. Mafoni ena amafunsa ngati mukufuna kusunga deta ya pulogalamuyo. Apa yankho ndi ayi, apo ayi WhatsApp idzapeza zatsopano zija mufoni n'kukubwezerani zomwezo. Tinagula bandulo wamba yokwanira, foni tinaiika pa tchaja, tinatsitsanso WhatsApp ku Play Store, tinalowetsa nambala yomwe ija, ndipo manambala 6 otsimikizira atalowa tinavomera chilolezo chimene inapempha. Sikirini inaonetsa kuti yapeza bakapu, ndi tsiku lake ndi kukula kwake, kupitirira pang'ono 1 GB.

Pamenepa werengani musanadine. Ngati tsiku ndi kukula zikugwirizana ndi zimene munaona mu Drive, dinani Restore. Ngati yaonetsa bakapu ya dzulo yaing'ono, ndiye kuti ikuyang'ana pa akaunti yolakwika kapena pa zotsalira za mufoni. Ngati sinapeze kanthu, musapitirire n'kuyamba kucheza. Bwererani mukaone maakaunti. Kudina Skip sikufufuta bakapu nthawi yomweyo, koma kumakuikani pa njira yomwe ija yoti bakapu yotsatira ikwirire yakale.

Mauthenga olemba anabwera m'mphindi zochepa. Zithunzi ndi mawu ojambula zinkalowa pang'onopang'ono madzulo onse, ndipo apa munthu asachite mantha akaona chithunzi chili mbuu, zimatsika pambuyo. Mavidiyo a nyumba ija sanabwere, chifukwa Include videos inali yozimitsa. Alamu anapukusa mutu pang'ono, koma maso awo anali pa lisiti la malata, ndipo lisitilo silinalipo. Linali m'masabata asanu aja.

Apa ndi pamene ndinakumbukira chinthu chimene ndinayenera kuyambira m'mawa muja: macheza amakhala kwa anthu awiri. Foni ya achimwene ku Joni inali ndi zonse, kuyambira tsiku loyamba mpaka dzulo. Tinawaimbira.

"Achimwene, tsegulani macheza anu ndi alamu, musake mawu akuti malata."

Pasanathe mphindi zisanu lisiti linafika, pamodzi ndi mawu a mmisiri amene alamu anawatumizira tsiku lomwelo, akuvomera kuti walandira. Usiku womwewo achimwene anachita Export chat ya macheza onse n'kutitumizira. Njira imeneyi ili ndi malire ake: imatenga mauthenga omalizira okwana 40,000 ngati mwasankha opanda zithunzi, ndipo 10,000 okha ngati mwaphatikiza zithunzi. Kwa anthu ambiri zimenezi n'zokwanira. Ine ndimaona kuti ngati chimene mukufuna ndi umboni umodzi kapena adiresi imodzi, kupempha munthu wa mbali inayo n'kwanzeru kuposa kufufuta ndi kutsitsanso pulogalamu, ndipo kumasunga ndalama ya bandulo.

Si nthawi zonse zimatha bwino chonchi. Bakapu ya WhatsApp imene yakhala miyezi isanu osakonzedwanso ikhoza kuchotsedwa mu Drive, choncho amene analowa ndi akaunti ina chaka chatha n'kumangoti ndidzaona, akhoza kukapeza m'nyumba muli mbee. Kuyambira mu 2024 bakapu za WhatsApp zimawerengeredwa pa malo aulere a 15 GB amene Google imapereka, omwe amagawana ndi Gmail ndi Google Photos, ndipo malowo akadzaza bakapu imaleka kukonzedwa mwini wake osazindikira. Amene anayatsa End-to-end encrypted backup adzafunsidwa chinsinsi chimene anasankha, monga pasiwedi kapena kiyi wa zilembo ndi manambala 64, ndipo akataya zimenezi pamodzi ndi foni, ngakhale eni WhatsApp sangawatsegulire. Bakapu ya ku iCloud siibwezedwa pa Android, ya ku Drive siibwezedwa pa iPhone. Ndipo amene ankagwiritsa ntchito GB WhatsApp ndi anzake a mtundu umenewo asayembekezere kupeza kanthu ku Drive, pakuti amenewo si mapulogalamu a kampaniyo ndipo njira imeneyi sikhala yodalirika kwa iwo.

Ngati foni yakale ikadali yamoyo, nkhani ndi ina ndipo ndi yosavuta. Nambala ikalembetsedwa pa foni yatsopano, yakaleyo imakutulutsani, koma macheza amatsala mkati mwake malinga musafufute pulogalamu kapena kuifomata. Bwezerani nambala yomweyo pa foni yakaleyo, osati ina, ndipo macheza adzaoneka. Mukatero mungachite bakapu yatsopano ku akaunti imene mukuidziwa, kapena kugwiritsa ntchito Transfer chats, imene imasamutsa macheza kuchokera pa foni kupita pa foni inzake zili moyandikana, popanda kudutsa ku Drive. Foniyo imasunganso kope lake mkati, limene imalikonza cha m'ma 2 koloko usiku, ndipo pa ma Android atsopano limakhala apa:

```
Android/media/com.whatsapp/WhatsApp/Databases
```

Mafayilo a mmenemo amayamba ndi dzina lakuti msgstore. Ndi omata, sawerengeka pawokha, ndipo amatseguka ndi nambala yomwe inawapanga basi. Musanapereke foni yakale kwa wokonza kapena kwa m'bale, koperani chikwatu chonse cha WhatsApp pa kompyuta kapena pa memole khadi. Zithunzi ndi mawu ojambula zili momwemo, mu chikwatu cha Media, ndipo zimenezo zimatseguka popanda kiyi aliyense.

Pa Messenger ndi Telegram zinthu zimayenda mosiyana, chifukwa macheza wamba amatsata akaunti, osati foni. Amene anatsegula Facebook yachiwiri chifukwa choiwala pasiwedi ya yoyamba, macheza ake ali ku yoyambayo, ndipo abwera akangolowanso kumeneko, ngakhale kuti Messenger masiku ano ikhoza kufunsa PIN kuti ionetse mauthenga akale pa foni yatsopano. Kumeneko palibe bakapu yoti ikwiriridwe ndi batani limodzi. Ntchito ndi yopeza akaunti basi.

Chinthu chimodzi ndikukana poyera. Munthu amene macheza ake asowa amakhala wosavuta kumupusitsa, ndipo pali mapulogalamu ndi anthu amene amalonjeza kubweza mauthenga onse mukalipira. Palibe amene angatenge ku makompyuta a WhatsApp chimene kulibe. Wina akakupemphani manambala 6 amene alowa pa foni yanu kuti akuthandizeni, akufuna kulanda akaunti yanu n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu.

Alamu anachoka kwathu dzuwa litalowa, mayina a anthu atabwerera mufoni, macheza a zaka zitatu ali m'malo mwake kupatula masabata asanu aja. Asanatuluke ndinawapempha kope lawo la banki m'khonde, ndipo iwo eni analemba imelo yakale ija pa tsamba lomaliza, pasiwedi n'kuilemba pena. Inunso tsegulani Chat backup usiku uno, muwerenge imelo imene yalembedwa pamenepo ndi tsiku la bakapu yomaliza. Ngati imeloyo simukuidziwa, kapena pasiwedi yake ili ndi mnyamata wa pa shopu, konzani zimenezo foni ikadali yoyaka.